Mawu a besitimani pa ukwati wa mnzake: kuseketsa anthu popanda kuyalutsa mkwati

Mnzanu wapamtima akukwatira ndipo wakusankhani kukhala besitimani. Pa phwando adzakupatsani maikolofoni kuti munene mawu, kenako mutsogolere anthu kukweza matambula. Mukufuna anthu aseke, mukufunanso akhudzidwe, koma simukufuna kuti mnzanuyo aweramitse mutu pamaso pa mkazi wake ndi apongozi ake. Mafunso otsatirawa ndi amene munthu amakumana nawo akakhala pansi kuti alembe.

Kodi ndikuyenera kunena chiyani kwenikweni?

Pa anthu onse odzalankhula tsiku limenelo, inu ndinu mboni ya khalidwe la mkwati. Makolo ake amamudziwa ngati mwana wawo, mkwatibwi amamudziwa ngati wokondedwa wake, koma inu mwamuona nthawi imene panalibe womuyang'anira, atatopa, zinthu zitamuthina. Pafupifupi theka la anthu amene adzakumvetsereni ndi akuchikazi, ndipo ambiri mwa iwo mkwatiyo akumuona koyamba kapena kachiwiri. Mumtima mwawo muli funso limodzi: mwana wathuyu wapita kwa munthu wotani? Mawu anu ayankhe funso limeneli.

Choncho sankhani khalidwe limodzi la mnzanuyo, mupeze nkhani imodzi yolionetsa, musonyeze chimene chasintha kuyambira pamene anakumana ndi mkwatibwi, kenako muwafunire zabwino. Mbiri yake yonse, sukulu zimene anaphunzira ndi malo amene wagwirako ntchito, musiyire ena. Munthu akayamba kuwerenga zaka motsatana, anthu amayamba kuyang'ana mafoni.

Anzanga akuti popanda nkhani yochititsa manyazi anthu saseka. Kodi n'zoona?

Ayi. Nkhani yochititsa manyazi imaseketsa tebulo limodzi, la anyamata amene analipo tsiku limene zinachitika. Ena onse saseka nthawi yomweyo. Amayamba atembenuka kuyang'ana nkhope ya mkwatibwi ndi ya amayi ake kuti aone ngati kuseka n'kololedwa. Kuseka kochita kupempha chilolezo kotereku kumatuluka kouma, ndipo wolankhulayo akakumva amaganiza kuti nkhani yachepa mphamvu, n'kuwonjezera ina yoipa kuposa yoyambayo.

Chimene chimagwetsa anthu onse ndi phwete ndi kuzindikira. Mukatchula kachizolowezi ka mkwati kamene abale ake akhala akukaona kwa zaka zambiri, amaseka chifukwa mwanena zimene amazidziwa koma palibe anazinenapo pagulu. Amayi ake akagwedeza mutu movomereza, akuchikazi amaseka nawo momasuka, poti aona kuti eni ake sanakhumudwe.

Kachizolowezi kotetezeka kwambiri ndi khalidwe labwino limene mnzanuyo amalichita mopitirira muyezo. Ngati amasunga nthawi, ndiye amene amafika pa msonkhano mlonda asanatsegule geti. Ngati ndi waudongo, amapukuta nsapato asanapite kukathamanga m'matope. Ngati amakonda kufotokoza zinthu, mukamufunsa njira amayambira pa chifukwa chimene msewuwo anaukhotetsera. Anthu akuseka, komabe chimene akumva pansi pa nthabwalayo n'chakuti munthuyu ndi wodalirika, waukhondo, woleza mtima. Mkwati nayenso amaseka, chifukwa mukumuseka pa chinthu chimene mumtima amanyadira nacho.

Pamafunika kusamala, chifukwa si khalidwe lililonse limene limapirira kukokomezedwa. Kusamala ndalama mukakukoka pang'ono kumasanduka kuumira, ndipo abambo a mkwatibwi adzamva kuti mwana wawo akukavutika. Kukonda kucheza ndi anthu mukakukokomeza kumamveka ngati munthu wosakhazikika pakhomo. Musanasankhe, dzifunseni kuti khalidweli likafika pamapeto penipeni, kodi lingamupweteke mkaziyo? Ngati lingamupweteke, sankhani lina.

Ndingadziwe bwanji kuti nkhani yanga yadumpha malire? Kwa ine imaoneka yabwinobwino.

Imaoneka yabwino chifukwa mwaifotokoza kambirimbiri pakati pa anthu amene amamukonda kale mnzanuyo. Yesani kuimva ndi makutu a azakhali a mkwatibwi amene sanachezepo naye. Nkhaniyo ikamatha, kodi akumulemekeza kwambiri kuposa mmene inkayamba, kapena ulemu watsika? Limeneli ndiye funso lalikulu. Lachiwiri n'lakuti, kodi mkwatibwi anaimva kale nkhaniyi? Ngati akuimva koyamba kuchokera pa maikolofoni, anthu onse akumuyang'ana, mwamulakwira ngakhale nkhaniyo ikhale yaing'ono. Lachitatu, kodi mkwati mwini wake angaifotokoze kwa apongozi ake kapena kwa abwana ake akuntchito? Kumbukiraninso kuti padzakhala mafoni ojambula. Zimene munganene zidzaoneredwa ndi anthu amene sanabwere, mwinanso ndi ana a banjali akadzakula.

Pali nkhani zimene sizifunika n'kuziyesa komwe: zibwenzi zakale, kuledzera, ngongole, matenda, kulephera mayeso, kuchotsedwa ntchito, milandu, zakuchipinda, maonekedwe a thupi la wina aliyense, ndi nthawi imene awiriwa anasiyanapo kapena kukangana. Zimenezi ambiri amazidziwa. Zimene zimalowa mozemba ndi ziganizo zooneka ngati zoyamikira. Mukati "tinkaganiza kuti ameneyu sadzakhazikika," mwauza anthu kuti anali woyendayenda. Mukati "pa onse amene tinawaona, awa ndiye abwino," mwaika mkwatibwi pa mzere ndi akazi ena pa tsiku lake. Nthabwala zoti ukwati ndi ndende, kapena zoti ufulu wa mnzanu wathera pano, zimanyoza mkazi amene wakhala pomwepo atavala diresi loyera. Ndipo za ana musazikhudze. Simukudziwa zimene awiriwa anagwirizana, kapena zimene adokotala anawauza, ndipo chiganizo chonga "chaka chamawa tikufuna tione mwana" chikhoza kulasa pamalo amene inu simukuwaona.

Nkhani yanga yabwino kwambiri ili ndi mbali yochititsa manyazi. Kodi ndingaipulumutse?

Nthawi zina zimatheka, ngati chamanyazicho chili pa chiyambi chabe ndipo mtima wa nkhaniyo uli kwina. Tiyerekeze kuti tsiku lina munachedwa kokacheza, mutamwa, basi yomaliza n'kukusiyani, ndiye munayenda wapansi usiku wonse. M'njira nsapato yanu inaduka, mnzanuyo anavula zake n'kukupatsani, iye n'kuyenda ndi masokosi. Mtima wa nkhaniyi ndi nsapato. Yambirani pamenepo: "Usiku wina basi inatisiya kutali ndi kwathu." Chimene chinakuchedwetsani palibe adzafunse.

Koma mukadula, dulani ndithu. Musatsinzinire anzanu diso, musanene kuti "zina sindinena pano," kapena "amene analipo akudziwa." Mawu oterewa ndi oipa kuposa nkhani yeniyeniyo, chifukwa aliyense amadzaza mpatawo ndi zoipa zimene akuganiza, ndipo mkwatibwi amapita nalo funsolo kunyumba. Ngati chamanyazicho ndiye chimene chimaseketsa, moti mukachichotsa palibe chotsala, nkhaniyo ndi ya pocheza anyamata okhaokha. Isungireni kumeneko.

Ndakhala pansi koma palibe nkhani ikubwera. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kufunafuna choseketsa, chifukwa mutu umauma. Tengani pepala, dzipatseni mphindi 20, muyankhe mafunso wamba. Kodi m'thumba mwake simusowa chiyani? Ndi mawu ati amene amawabwereza mpaka nonse munayamba kumutengera? Inu mutagwa m'mavuto, anachita chiyani ndi manja ake? Tsiku loyamba kutchula dzina la mkwatibwi, munali kuti, ndipo nkhope yake inali yotani? Lembani zonse osasankha. Mukatha, imbirani mchemwali wake kapena mng'ono wake, mufunse zomwezo. Chinthu chimene chatuluka pa pepala lanu n'kutulukanso pakamwa pa m'bale wake, chimenecho ndiye khalidwe lomangapo mawu anu, chifukwa mwatsimikiza kuti anthu ambiri adzalizindikira.

Kenako tsikirani pa tinthu ting'onoting'ono. Kunena kuti "ndi munthu wothandiza" sikugwira mtima wa aliyense, poti zimenezi zimanenedwa pa ukwati uliwonse. Koma mukati "anafika 2 koloko usiku atanyamula tochi ndi chingwe chokokera galimoto, atavala malaya chotembenuza," anthu amamuona munthuyo. Malaya otembenuzawo ndiye oseketsa, ola limene anafikalo ndiye lokhudza mtima, ndipo simunafunike kuwonjezera mawu okometsera.

Mungandionetse chitsanzo chathunthu?

Tiyerekeze kuti mkwati ndi munthu wosatha kuona chinthu chogwedera osachikonza. Besitimani wake atha kunena motere:

"Makolo athu a mbali zonse ziwiri, abale ndi alongo, anzathu nonse, zikomo pondipatsa mpata. Kwa amene simukundidziwa, ine ndine mnzake wa mkwati. Tadziwana zaka 15.

"Amene mumamudziwa mnzangayu mukudziwa kuti m'thumba mwake simusowa sikuludiraiva. Anthu ena akabwera kudzacheza amayamba afunsa za moyo. Uyu amayamba wapatsa moni chitseko. Akachikankha n'kumva chikulira, nkhope imagwa ngati wamva kuti m'bale wake wadwala. Lero m'mawa tikuvala, mphete wandipatsa kuti ndisunge popanda vuto lililonse. Sikuludiraiva wakana kupereka.

"Chaka china bambo anga anagonekedwa m'chipatala milungu itatu. Ine ndinkagona pa mpando pambali pa bedi lawo, mpando wogwedera mwendo umodzi. Anthu ambiri ankabwera ndi mawu olimbikitsa, ndipo ndimawathokoza. Mnzangayu ankabwera madzulo alionse akaweruka, osalankhula zambiri. Tsiku loyamba anakonza mpando uja. Lachiwiri anakonza chitseko cha kabati. Pofika mlungu wachitatu, manesi ankamudikirira pakhomo kuti akaoneko windo la wodi ina. M'masiku amenewo ndinazindikira kuti mnzangayu si wa mawu ambiri. Akakukonda, amayang'ana chimene chikugwedera pa moyo wako, n'kuchimanga.

"Ndiye tsiku lina anabwera kwathu, n'kukhala pansi. Chitseko chinalira kumbuyo kwake, iye osachimva. Ankangoyang'ana foni n'kumamwetulira yekha. Ndinamufunsa ngati ali bwino. Anati, 'Pali munthu wina ndikufuna udzamuone.'

"Alamu, munthuyo ndinu. Ndakuonani mukumuuza kuti, 'Khala pansi, zimenezo mawa,' iye n'kukhaladi pansi. Ifeyo tayesa zaka 15 osatheka. Ndaonanso mmene mumalandirira anthu, moti mwana aliyense wa anzathu mumamudziwa dzina, ndipo amene wakhala chete pakona mumapita kukamuchezetsa. Mnzangayu wakhala akusamala aliyense. Lero mtima wanga uli m'malo, chifukwa wapeza womusamala iyenso.

"Tsopano ndikupempha nonse, tengani matambula anu, amene mungathe muimirire. Mnzanga ndi alamu anga, nyumba yanu ikhale ya mtendere, ya kuseka, ndipo chilichonse chikagwedera muzichimanga muli awiri. Tikweze matambula: kwa akwati athu!"

Onani mmene zayendera. Nthabwala zonse zatuluka m'khalidwe limodzi, ndipo palibe imene ikumutsitsa mkwati. Kuseka kwabwera koyambirira, anthu asanadziwe ngati wolankhulayo ndi wotopetsa kapena ayi. Nkhani ya kuchipatala yayamba molemera, koma manesi odikirira pakhomo abweza kuseka, ndipo anthu akangotha kuseka m'pamene chiganizo chokhudza mtima chimalowa bwino, chifukwa mitima imakhala yatseguka. Matenda atchulidwa, inde, koma ndi a m'banja la wolankhulayo, amene ali ndi ufulu wowatchula. Akanakhala a m'banja la mkwati, pakanafunika kupempha kaye.

Chitseko cholira chija n'chimene chatinyamula kuchoka kwa mkwati kupita kwa mkwatibwi. Chimenechi ndiye chovuta kwambiri polemba, ndipo ambiri amangodumpha ndi mawu oti "tsopano ndinene za mkwatibwi." Funani nthawi imene mnzanuyo anaphwanya chizolowezi chake chifukwa cha mkaziyu. Wosunga nthawi uja anachedwa koyamba. Wofotokoza zinthu motalika uja anasowa mawu. Nthawi yoteroyo imakhalapo pafupifupi pa munthu aliyense amene wagwa m'chikondi, kungoti pamafunika kuikumbukira.

Chomaliza: zonse zimene munganene zikhale zoona. Kukokomeza n'kololedwa, anthu amadziwa kuti chitseko sachipatsa moni. Koma kupeka nkhani ya kuchipatala imene sinachitike, mkwati adzadziwa, ndipo adzakhala akumwetulira bodza pa ukwati wake womwe.

Mkwatibwi sindimudziwa bwino. Ndinene chiyani za iye?

Musanamizire kuti mumamudziwa, ndipo musangoti "akuoneka bwino lero" n'kubwerera kwa mnzanu. Nenani zimene mwaona ndi maso anu, ngakhale mwakumana kawiri kokha: mmene analankhulira ndi amayi a mnzanuyo, funso limene anakufunsani, kapena kusintha kumene mwaona pa mnzanu chiyambire chibwenzi chawo. Kusinthako munene mosanyoza moyo wake wakale. "Masiku ano amaseka kwambiri" ndi bwino. "Mwamusandutsa munthu" kukutanthauza kuti poyamba sanali munthu.

Ngati mulibiretu kanthu, ukwati usanafike pemphani kuti mucheze nawo awiriwo ola limodzi, kapena funsani mnzake wa mkwatibwi amene akumuperekeza. Nthabwala iliyonse yokhudza mkwatibwi imuike pamwamba. Mkwati mungamuseke chifukwa ubwenzi wanu wakupatsani ufulu umenewo, koma pa mkwatibwi ufuluwo mulibe. Dzina lake mulitchule molondola, ndipo polankhula za iye mumuyang'ane.

Nditenge nthawi yaitali bwanji?

Mphindi 3 mpaka 5. Chitsanzo chili pamwambachi, chikanenedwa mosathamanga ndi kupumira anthu akamaseka, chili m'malire amenewa. Musayeze ndi kuchuluka kwa masamba. Imirirani, werengani mokweza mawu, muyeze ndi wotchi ya pa foni, ndipo muwonjezere theka la mphindi la kuseka ndi kuomba m'manja. Mukapitirira, chotsani nkhani yathunthu m'malo mofulumiza lilime. Funsaninso woyendetsa mwambo kuti mudzalankhula pambuyo pa ndani. Ngati olankhula ndi ambiri ndipo inu muli kumapeto, khalani pa mphindi 3.

Ndiloweze pamtima kapena ndiwerenge?

Lembani zonse liwu ndi liwu, chifukwa nthabwala imadalira kayalidwe ka mawu. Mu chitsanzo chija, chiganizo cha sikuludiraiva chimaseketsa chifukwa mphete yatchulidwa poyamba ndipo chodabwitsa chabwera pomaliza. Mukachitembenuza chafa. Mukalemba, yesezani mokweza mawu kangapo pa masiku osiyana mpaka ndondomeko ikhazikike m'mutu. Pa tsikulo nyamulani timakhadi tolimba tokhala ndi mitu ya ndime m'zilembo zikuluzikulu. Chiganizo choyamba ndi mawu okwezera matambula muwalembe athunthu, poti pamenepo m'pamene mantha amaiwalitsa munthu.

Pepala lalikulu lopyapyala limanjenjemera limodzi ndi dzanja, ndipo aliyense amaona. Foni imazima pakati pa chiganizo, uthenga umalowa, ndipo pa zithunzi mumaoneka ngati mukucheza ndi munthu wina. Makhadi muwaike manambala kuti akagwa musasokonezeke.

Kodi ndimuonetse mkwati zimene ndalemba?

Simukuyenera kumuwerengera zonse, chifukwa mbali ya chisangalalo chake ndi kuzimva koyamba pa tsikulo. Koma mufunseni mafunso awiri milungu ingapo ukwati usanachitike: pali nkhani imene sakufuna itchulidwe? Pali munthu amene akufuna atchulidwe? Mayankho ake akhoza kukudabwitsani. Mwina akuchikazi sakudziwa kuti awiriwa anakumana bwanji, mwina makolo ake anasiyana ndipo pali katchulidwe kamene kangapse mtima mbali imodzi. Ngati kholo lake linamwalira, funsani ngati akufuna mulitchule. Akavomera, chiganizo chimodzi n'chokwanira, ndipo musachiike pafupi ndi nthabwala kapena pamapeto penipeni.

Mawu onse athunthu muwerengere munthu mmodzi amene si wa gulu lanu la anyamata, makamaka wamkulu kapena wamkazi. Muziyang'ana nkhope yake powerenga. Pamene wakweza nsidze kapena wafunsa kuti "pamenepa ukutanthauza chiyani?", pamenepo pakufunika kukonza. Nthabwala yofuna kuifotokoza kuti imveke ndi ya anthu ochepa, ichotseni.

Bwanji ndikanena nthabwala anthu osaseka?

Kawirikawiri vuto silikhala nthabwalayo. Mwina sanamve, kapena simunawapatse mpata. Maikolofoni muigwire pafupi ndi pakamwa, cha pachibwano, ndipo mukatembenuza mutu kuyang'ana akwati, dzanja litembenuke nawo, apo ayi mawu omaliza, amene ndi oseketsawo, amatayika. Mukafika pa mawu oseketsa, imani. Werengani mumtima mpaka 3. Gulu lalikulu limachedwa kuseka kuposa anzanu awiri pa khonde, ndipo wolankhula wamantha amapondereza kuseka kukungoyamba kumene poyamba chiganizo china.

Mukaima koma kuli zii, pitirizani ngati palibe chachitika. Musabwereze, musafotokoze, musapepese. Apa m'pamene nthabwala yochokera m'khalidwe labwino imakupulumutsani: ikapanda kuseketsa imatsalabe ngati mawu oona okoma onena za mnzanu, ndipo palibe amadziwa kuti munkayembekezera kuseka. Nkhani yoyalutsa ikapanda kuseketsa, chimatsala ndi manyazi okhaokha.

Nanga anzathu akayamba kukuwa kuti ndinene "nkhani ija"?

Zimachitika, makamaka phwando likatentha. Auzeni ukwati usanafike kuti nkhaniyo simudzainena, kuti asadzaiyembekezere. Wina akakuwabe, mwetulirani, musamuyang'ane nthawi yaitali, pitirizani chiganizo chanu. Mukamuyankha mwamupatsa bwalo, ndipo mwavomereza pagulu kuti nkhaniyo ilipo. Maikolofoni ili m'manja mwanu, mawu anu ndi amene akumveka, ndipo musaipereke kwa aliyense amene sali pa ndondomeko.

Ndimachita mantha pagulu, ndipo ndikuopa kuti ndilira.

Ngati mumamwa mowa, dikirani mpaka mutalankhula. Umachotsa mantha, koma umachotsanso chimene chimakuletsani kuwonjezera nkhani imene munaidula, ndipo mawu ambiri oyalutsa amene amamveka pa maukwati sanalembedwe pa pepala, anabwera pomwepo. Imwani madzi, pumani mozama kawiri musanayambe, mapazi onse akhazikike pansi. Musayambe ndi kuuza anthu kuti muli ndi mantha kapena kuti simudziwa kulankhula, chifukwa mukatero amayamba kukuderani nkhawa m'malo momvetsera za akwati.

Misozi si vuto. Mawu akakutsamwani, imani, yang'anani khadi, pumani, kenako pitirizani. Anthu amadikira, ena amaomba m'manja. Poyeseza mudzadziwa chiganizo chimene chimakugwirani pakhosi. Chikhale chachifupi, ndipo pochinena yang'anani gulu m'malo moyang'ana mnzanuyo m'maso, chifukwa mukaona kuti nayenso maso afiira simudzachimaliza.

Kukweza matambula ndikuchite bwanji kuti kusasokonekere?

Konzekerani musanaimirire. Gwirizanani ndi woyendetsa mwambo kuti operekera zakumwa akhale atadzaza matambula inu musanayambe, chifukwa palibe chozizira ngati kuitana anthu kukweza matambula opanda kanthu. Chakumwa chilichonse chimakwanira, ngakhale madzi, choncho musanene mawu osiya kunja amene samwa mowa. Tambula yanu ikhale pa tebulo pafupi nanu. Manja ndi awiri okha, lina lagwira maikolofoni, lina makhadi, ndiye mukafika pa ndime yomaliza ikani makhadi pansi kapena m'thumba n'kutenga tambula. N'chifukwa chake mawu omalizawo muyenera kuwadziwa pamtima ngakhale mwawalemba.

Auzeni anthu chochita momveka: atenge matambula, ndipo ngati mwagwirizana zoimirira, muwonjezere kuti "amene mungathe," poganizira okalamba ndi odwala. Dikirani mpaka phokoso la mipando lithe, apo ayi mafuno anu amira m'phokosolo. Kenako tembenukirani kwa akwati, nenani mafuno anu m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, mumalize ndi mawu afupiafupi amene gulu lingabwereze, monga mayina awo awiri kapena "kwa akwati athu." Kwezani tambula, imwani pang'ono, bwezani maikolofoni kwa woyendetsa mwambo. Mukakumbukira munthu amene mwaiwala kumuthokoza, musaitenganso maikolofoniyo. Mukamuthokoze pa tebulo pake.